Mthandizi Akayamba Kuyankhira Wothandizidwa: Buku Lophunzitsira Thandizo la Kuthetsa Mavuto ndi Kayang'aniridwe Kake

Thandizo la kuthetsa mavuto ndi njira yochizira matenda okhumudwa ndi nkhawa mwa kukambirana, imene munthu wovutika maganizo amaphunzitsidwa kutenga vuto limodzi mwa ambiri amene amuzinga, kulifotokoza momveka bwino, kufunafuna yekha njira zolithetsera, kusankhapo imodzi, ndi kukaiyesa asanabwerenso kudzaonana ndi mthandizi wake. Maziko ake anayalidwa ndi Thomas D'Zurilla ndi Marvin Goldfried mu 1971, ndipo pambuyo pake Laurence Mynors-Wallis ndi anzake ku Oxford anaifupikitsa kuti izitheka m'zipatala zazing'ono, pa maulendo 6 okha, woyamba wa ola limodzi, otsatirawo a theka la ola. Kafukufuku wawo wa 1995 anaonetsa kuti anthu olandira thandizoli ankachira pafupifupi mofanana ndi amene ankamwa mankhwala a matenda okhumudwa.

Chimene chinakopa chidwi cha mayiko osowa akatswiri a matenda a maganizo n'chakuti ndondomekoyi ndi yosavuta kuphunzitsa munthu wamba. Umboni wodziwika kwambiri unachokera ku Harare, kumene pulogalamu ya Friendship Bench yotsogozedwa ndi Dixon Chibanda inaphunzitsa amayi achikulire ogwira ntchito za umoyo m'madera kwa masiku 9. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016, wokhudza anthu 573 a m'zipatala 24, patatha miyezi 6 anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse mwa amene anathandizidwa ndi amayiwa anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pomwe mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse chiwerengerocho chinali pafupifupi 50 pa 100 alionse. Ambiri akamatchula zotsatirazi amaiwala kuti amayiwa sanangophunzitsidwa n'kusiyidwa okha. Zokambirana zawo zinkajambulidwa ndi kumvetseredwa, ndipo pamwamba pawo panali owayang'anira amene nawonso anali ndi akatswiri owadalira. Buku lophunzitsira limene lalemba masitepe okha, osalemba mmene adzadziwire kuti masitepewo akutsatidwa, lachita theka la ntchito.

Pamene ndondomekoyi imathyokera

Anthu amene amasankhidwa kukhala athandizi nthawi zambiri amasankhidwa chifukwa ndi olemekezeka, achifundo, ndiponso ozolowera kufunsidwa nzeru. Enanso anagwirapo kale ntchito yophunzitsa anthu za ukhondo, za katemera kapena za kamwedwe ka mankhwala, ntchito imene wodziwa amalankhula ndipo wosadziwa amamvetsera. Luso limenelo ndilo limasanduka chopinga chachikulu pano, chifukwa munthu wotere akamva vuto, yankho limamufikira msanga pakamwa, ndipo kulibweza kumamuvuta ngati kuti akumana mnzake chakudya ali nacho m'manja.

Komabe mphamvu ya thandizoli siili mu ubwino wa yankho. Munthu wokhumudwa amaona mavuto ake onse ngati chinthu chimodzi chachikulu chosasunthika, amasiya kuyesa, ndipo kusayesako kumawonjezera mavuto ndi kumutsimikizira kuti iye ndi wolephera. Chimene chimadula mzere umenewu n'chakuti iye mwini aganize njira, aisankhe, aichite, aone kuti china chake chasuntha chifukwa cha iye. Mthandizi akapereka yankho, ngakhale labwino kwambiri, zinthu zikayenda wothandizidwa amati mthandizi wanga ndi wanzeru, zikapanda kuyenda amati ndalepheranso ngakhale zimene anandiuza, ndipo pa zonse ziwirizi sanaphunzire luso lililonse loti akagwiritse ntchito maulendo 6 aja akatha. Chifukwa chake buku labwino liyenera kulembedwa ndi munthu amene akudziwa kuti kupereka malangizo ndiko kudzabwerere mobwerezabwereza, ndipo chaputala chilichonse, sewero lililonse ndi fomu iliyonse yoyang'anira ziyenera kukonzedwa kuti zizigwira vuto limeneli.

Chitsanzo chimodzi, sitepe ndi sitepe

Tiyerekeze mayi wa ana atatu amene wapimidwa ndi mafunso 9 oyezera kukhumudwa otchedwa PHQ-9, amene mapointi ake amayambira pa 0 kufika 27, ndipo wapeza 14, kutanthauza kukhumudwa kwa pakatikati. Pa funso lomaliza, lofunsa za maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, wayankha kuti alibe. Mthandizi wamufotokozera mmene thandizoli limayendera, kuti adzakumana maulendo 6, kuti zokambirana ndi zachinsinsi kupatulapo moyo wa munthu ukakhala pangozi, ndiponso kuti iye sadzapereka ndalama kapena mayankho. Mfundo yomalizayi iyenera kulembedwa m'buku ndi mawu enieni oti mthandizi anene, chifukwa ikapanda kunenedwa pa tsiku loyamba, wothandizidwa amabwera pa ulendo wachitatu akudikirabe chimene sichidzabwera.

Mayiyu akayamba kufotokoza, mthandizi amamvetsera ndi kulemba mavuto mmene akutchulidwira: bambo a kunyumba anachotsedwa ntchito, mwana wamkulu wakhala masabata awiri osapita kusukulu chifukwa cha fizi, tulo sitikubwera, ndiponso iye ndi mchemwali wake sakuyankhulana chifukwa cha ngongole. Kenako mthandizi amawerenga mndandandawo mokweza n'kufunsa kuti, "Mayi, mwa zinayi mwatchulazi, ndi chiti chimene mukufuna tiyambe nacho?" Mayiyo akuyankha kuti, "Zonsezi gwero lake ndi umphawi. Ndalama zikanakhalapo, sindikanakhala pano."

Apa ndi pamene athandizi ambiri atsopano amasochera. Ena amavomera kuti vuto ndi umphawi n'kupita ku sitepe yotsatira, ndipo mphindi khumi zotsatira zimathera pa kulota za bizinesi imene palibe mpamba woyambira. Ena amasankha okha vuto limene akuliona losavuta, monga la tulo. Buku liyenera kuphunzitsa njira yachitatu, yovomereza kuti zimene mayiyu wanena n'zoona koma n'kumuthandiza kuswa vutolo mpaka litafika pa kachigawo kamene dzanja lake lingafikepo sabata ino. Mafunso ake ndi wamba: chikuchitika n'chiyani kwenikweni, chinayamba liti, akukhudzidwa ndani, mwayesapo kale zotani. Pofunsa chonchi zikudziwika kuti chimene chimamusowetsa tulo mayiyu ndi kuona mwana atakhala pakhomo anzake akupita kusukulu, ndiponso kuti chiyambire kubwezedwa kwa mwanayo sanapitepo kusukuluko chifukwa cha manyazi, moti sakudziwa ngati sukulu ingalole kulipira pang'onopang'ono. Vuto limene likulembedwa tsopano si umphawi ayi, koma lakuti mwana wakhala masabata awiri pakhomo ndipo mayi ake sanakambirane ndi asukulu za ngongoleyo.

Cholinga nacho chimafuna chisamaliro chomwecho. Mayiyu anganene kuti cholinga chake n'chakuti mwana abwerere kusukulu, koma chimenecho chili m'manja mwa anthu ena. Cholinga chabwino ndi chimene munthu angachikwaniritse yekha ndipo aliyense angaone ngati chachitika kapena ayi, monga chakuti pofika tsiku lokumananso akhale atadziwa zimene sukulu ikufuna kuti mwana alowenso m'kalasi. Kusiyana kwa zolinga ziwirizi kumaoneka kochepa papepala, koma pa choyambacho mayi angachite zonse bwino n'kubwerabe atalephera, pomwe pa chachiwiricho ngakhale yankho la asukulu litakhala lowawa, iye wachita chimene anati achite.

Sitepe yofunafuna njira ndiyo yovuta kuposa zonse kwa mthandizi, chifukwa imafuna kukhala chete. Akafunsa kuti, "Ndi njira ziti zimene mukuziganiza, kaya zabwino kaya zooneka zosathandiza?" wothandizidwa wokhumudwa kawirikawiri amati, "Sindikudziwa, inuyo mundiuze." Buku liyenera kupatsa mthandizi mafunso oti agwire m'malo mwa yankho: mnzanu atakhala pa vuto ngati limeneli mungamuuze chiyani, kale mutakumana ndi zofanana munatani, ndani amene mumamukhulupirira amene angakuperekezeni. Liyeneranso kunena mosabisa kuti kudikira mwakachetechete kwa masekondi khumi kapena kuposerapo si kulephera. Mayi wathu uja, atapatsidwa mpata, akutchula njira zinayi: kupita yekha kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu, kutuma bambo a kunyumba, kuyamba wakambirana ndi mphunzitsi wa kalasi ya mwanayo amene amadziwana naye, ndiponso kukapepesa kwa mchemwali wake kuti amubwereke ndalama zina. Pa sitepe imeneyi palibe njira imene imatsutsidwa kapena kuyamikiridwa, chifukwa mthandizi akangoti "imeneyo ndiye yabwino", wasankha kale, ndipo wothandizidwa sadzatchulanso ina. Ndondomeko zambiri zimalola mthandizi kuwonjezera ganizo lake limodzi pamapeto, wothandizidwa atatchula kale zake zingapo, ndipo alinene ngati njira imodzi mwa zina, osati ngati yankho.

Zikatero amayeza njira iliyonse, ubwino wake ndi kuipa kwake, nthawi imene ingatenge, ndiponso ngati mayiyo akuona kuti angaikwanitse mmene alili panopa. Iye akusankha kuyamba ndi mphunzitsi wa kalasi, chifukwa ofesi ya mphunzitsi wamkulu ikumuopsa. Mwina mthandizi akuona kuti kupita kwa mphunzitsi wamkulu kukanafulumiza zinthu, koma njira imene munthu wasankha yekha ndipo aichitadi imaposa njira yachidule imene saichita. Dongosolo lomaliza liyenera kukhala ndi tsiku, nthawi, malo ndi mawu: Lachiwiri ana akamaweruka, pachipata cha sukulu, adzafunsa ngati n'zotheka kulipira m'magawo ndiponso amene ayenera kuonana naye. Mthandizi amafunsanso chimene chingalepheretse, ndipo mayiyo akati mwina mantha adzamugwira, amayeserera limodzi mawuwo pomwepo kawiri kapena katatu. Ndondomeko ya ku Oxford ija imawonjezera kuti munthu asankhenso kanthu kamodzi kosangalatsa koti azichita m'sabatamo, popeza kukhumudwa kumalanda munthu zinthu zimene ankakondwera nazo.

Ulendo wachiwiri umayamba ndi kupimanso ndi PHQ-9 ndi kufunsa za dongosolo lija. Tinene kuti mayiyu sanapite. Buku limene silinakonzekeretse mthandizi pa zimenezi lamusiya pangozi, chifukwa kusachita dongosolo kumachitika kawirikawiri, ndipo mayankho awiri amene amabwera mwachibadwa onse ndi olakwika: kudzudzula, ngakhale mwaulemu, kapena kunena kuti palibe kanthu n'kusamukira ku vuto lina. Choyenera ndi kufunsa mwachidwi chimene chinachitika Lachiwirilo. Zikadziwika kuti mayiyo anafika pafupi ndi sukulu koma ataona makolo ena pachipata anabwerera, ndiye kuti dongosololo linali ndi chilema chimene tsopano chaoneka, ndipo kufika pafupi ndi sukuluko n'chinthu choyenera kuchitchula kuti anachita. Chopingacho chimasanduka vuto laling'ono loti lidutse m'masitepe omwe aja, mwina n'kupeza kuti angapite m'mawa makolo ena asanasonkhane, kapena angatumize uthenga kwa mphunzitsiyo kupempha nthawi yokumana.

Kuphunzitsa kumene kumasiya luso m'manja

Masiku ophunzitsa ndi ochepa, 9 ku Harare kuja, ndiponso pafupifupi 10 pa pulogalamu ya PM+ imene bungwe la WHO linatulutsa mu 2016, yomwe imaphatikiza kuthetsa mavuto ndi njira zina pa maulendo 5 a mphindi 90. Nthawi yochepa chonchi siyenera kuthera pa kufotokoza mitundu ya matenda a maganizo. Gawo lalikulu liyenera kukhala la masewero a anthu atatuatatu, wina mthandizi, wina wothandizidwa, wina woonerera atagwira fomu yomweyo imene idzagwiritsidwe ntchito poyang'anira. Wosewera ngati wothandizidwa apatsidwe khadi lomuuza zoti achite, monga kunena katatu konse kuti "inuyo mundiuze", kupempha ndalama, kulira, kapena kutchula mongodutsa kuti bola kungofa. Masewero amene wothandizidwa ndi womvera ndiponso wodzaza ndi maganizo abwino amasangalatsa ophunzira koma sawakonzekeretsa chilichonse.

Satifiketi ya kupezekapo pa maphunziro si umboni wa luso. Munthu asanayambe kuona anthu payekha ayenera kuyesedwa pa sewero lokonzedwa mofanana kwa onse, kenako aone anthu ochepa oyamba, awiri kapena atatu, woyang'anira akumvetsera ulendo uliwonse. Chida chodziwika choyezera luso la maziko, monga kumvetsera, kusonyeza chifundo, kusunga chinsinsi ndi kufunsa za kudzipha, ndi ENACT, chimene Brandon Kohrt ndi anzake anachikonza ku Nepal ndipo tsopano chili m'gulu la zida za EQUIP za mabungwe a WHO ndi UNICEF. Ubwino wake waukulu n'wakuti pa milingo yake inayi, wotsikitsitsa sutanthauza kusadziwa chabe koma khalidwe limene lingavulaze wothandizidwa, monga kumuweruza kapena kunyalanyaza mawu ofuna kufa. Wophunzira amene akuonetsabe khalidwe lotere sayenera kupatsidwa anthu, ngakhale atakhoza zina zonse.

Fomu yoyezera kutsatira ndondomeko

Pali mafunso awiri osiyana amene fomuyi iyenera kuyankha. Loyamba n'lakuti kodi sitepe inachitika, lachiwiri n'lakuti kodi inachitika bwino. Fomu ya "inde" kapena "ayi" imayankha loyamba lokha, ndipo ndi yosavuta kuinamiza mosadziwa. Mthandizi amene wafunsa kuti "mukuganiza zotani?" n'kudikira masekondi awiri, kenako n'kutchula yekha njira zitatu, adzachonga moona mtima kuti sitepe yofunafuna njira yachitika. N'chifukwa chake mafomu odzichongera okha athandizi amakonda kusonyeza kuti zonse zili bwino. Ali ndi ntchito yake monga chikumbutso, koma si muyeso.

Njira yabwinoko ndi kugwiritsa ntchito milingo itatu ya mapointi pa sitepe iliyonse, 0 ngati sinachitike, 1 ngati inachitika moperewera, 2 ngati inachitika mokwanira, ndipo pafupi ndi nambala iliyonse palembedwe chimene womvetsera ayenera kumva ndi makutu ake. Pa kufunafuna njira, mwachitsanzo, 2 atanthauze kuti wothandizidwa anatchula yekha njira zosachepera zitatu mthandizi asanawonjezere yake ndipo palibe imene inaweruzidwa, 1 atanthauze kuti wothandizidwa anatchula imodzi kapena ziwiri koma mthandizi anadzaza zotsalazo, 0 atanthauze kuti njira zonse zinachokera kwa mthandizi. Mawu ngati "anasonyeza luso labwino" alibe ntchito pa fomu, chifukwa oyang'anira awiri adzawamva mosiyana. Fomu isatalikenso: mizere khumi kapena khumi ndi iwiri ndi yokwanira, popeza fomu ya masamba anayi imangodzazidwa mwezi woyamba.

Tibwerere kwa mayi uja, koma tsopano tiyerekeze kuti ulendo woyamba unayenda mwa njira ina, ndipo woyang'anira akumvetsera mawu ojambulidwa. Kupima ndi kufotokoza za chinsinsi zachitika bwino, 2 ndi 2. Mndandanda wa mavuto walembedwa ndipo mayi wasankha yekha, 2. Pa kufotokoza vuto, mthandizi wafika pa fizi koma sanafunse zimene mayi anayesapo, choncho nkhani ya manyazi sinatuluke, 1. Pa mphindi ya 31 mayi akuti, "Inuyo mundiuze," ndipo mthandizi akuyankha mwachifundo chenicheni kuti, "Mayi, musadandaule, mawa m'mawa mupite kwa mphunzitsi wamkulu mukafotokoze zonse, anthu amenewa amamvetsa." Kufunafuna njira, 0. Kuyeza njira, 0, chifukwa panalibe zoyeza. Dongosolo lili ndi tsiku koma chopinga sichinafunsidwe, 1. Munthu womvetsera popanda fomu akanati kukambiranaku kunali kwabwino, ndipo kunalidi kwachikondi, koma thandizo la kuthetsa mavuto silinaperekedwe. Tikudziwanso kale, kuchokera ku nkhani yoyamba ija, kuti mayiyu sakanalowa mu ofesi imeneyo.

Pa mizere yonse, umodzi suyenera kuphatikizidwa m'chiwerengero chonse, ndiwo wa chitetezo. Ngati wothandizidwa anatchula za kufuna kufa, kapena anayankha funso lomaliza la PHQ-9 mosonyeza ngozi, ndipo mthandizi sanafunse mwachindunji ngati ali ndi dongosolo, ngati ali ndi chida kapena mankhwala oti agwiritse ntchito, ndiponso ngati anayesapo kale, ulendowo walephera kotheratu kaya mapointi ena ndi ochuluka bwanji, ndipo woyang'anira ayenera kuchitapo kanthu tsiku lomwelo.

Kujambula mawu kuli ndi malire ake. Wothandizidwa ayenera kuvomera momasuka atauzidwa amene adzamvetsere ndi nthawi imene mawuwo adzafufutidwe, ndipo akakana asamanidwe thandizo. Fayilo ilembedwe nambala, osati dzina, ndipo isakhale mu foni ya mthandizi imene ana amaseweretsa kunyumba. Kumene kujambula sikutheka, woyang'anira angakhale nawo pa ulendo wina wothandizidwa atalola, kapena angagwiritse ntchito sewero, podziwa kuti sewero limasonyeza zimene munthu angathe kuchita, osati zimene amachitadi akakhala yekha. Ndipo woyang'anira ndiye azisankha mawu oti amvetsere, mwamaere, chifukwa mthandizi akasankha yekha amabweretsa ulendo umene unamuyendera bwino, zomwe aliyense wa ife angachite.

Msonkhano wa kuyang'anira

Buku liyenera kulemba dongosolo la msonkhanowu mofanana ndi mmene lalembera dongosolo la ulendo wa thandizo, apo ayi msonkhano umasanduka nthawi yotolera malipoti ndi kudandaula za mayendedwe. Miyezi yoyambirira gulu laling'ono la athandizi, osapitirira asanu ndi mmodzi, lizikumana sabata iliyonse, ndipo nthawi ingatalikitsidwe pokhapokha mapointi akakhazikika. Choyamba pa msonkhano ndi anthu amene ali pangozi: ofuna kudzipha, ochitiridwa nkhanza kunyumba, omva mawu amene ena sakumva, omwa mowa mopitirira muyeso. Anthu otere sayenera kudikira msonkhano, ndipo buku likhale ndi tsamba limodzi losonyeza woimbira foni ndi kotumiza munthu, koma msonkhano umatsimikiza kuti amene anatumizidwa anafikadi. Chachiwiri ndi anthu amene sakusintha. Kutsika kwa mapointi 5 pa PHQ-9 kumatengedwa ngati kusintha kwenikweni, ndipo munthu amene pofika ulendo wachinayi sanatsike, kapena wakwera, ayenera kukambidwa ndi namwino kapena dokotala wodziwa za matenda a maganizo, chifukwa kubwereza masitepe omwewo mwakhama sikuchiza aliyense. Chachitatu ndi kumvetsera kachigawo ka mawu ojambulidwa, ndipo chomaliza ndi kufunsa athandizi eni ake mmene akumvera, popeza ambiri a iwo amakhala ndi mavuto ofanana ndi amene akumva tsiku lonse.

Pa mphindi ya 31 ija, woyang'anira ali ndi mayesero omwewo amene mthandizi anagweramo. Angathe kunena kuti, "Apa munalakwitsa, munayenera kufunsa chakutichakuti," ndipo akatero waphunzitsa ndi chitsanzo chake kuti wodziwa ndiye amayankha. Woyang'anira waluso amayamba watchula chimene chinayenda bwino, ndi mphindi yake, kenako amaimitsa mawuwo pamene mayi akuti "inuyo mundiuze" n'kufunsa mthandiziyo kuti, "Pamenepa mumtima mwanu munkamva bwanji?" Kawirikawiri yankho limakhala lakuti, "Ndinamumvera chisoni, ndinaona ngati ndikumuzunza ndikangokhala chete." Limenelo ndilo vuto lenileni, ndipo silithetsedwa ndi kuwerenganso chaputala. Gulu limatchula mafunso ena amene akanafunsidwa, mthandiziyo amasankhapo, amabwereza mphindi yomweyo mwa sewero mpaka chetecho atachizolowera, ndipo amachoka ndi chinthu chimodzi choti akayese, chimene woyang'anira adzachifufuze pa mawu otsatira. Kukonza zinthu zisanu pa tsiku limodzi kumangosiya munthu ali wamantha, ndipo mthandizi wamantha amasiya kujambula maulendo ovuta. Pa chifukwa chomwecho mapointi a fomuyi asamangiriridwe ku malipiro kapena ku chilango.

Oyang'anira nawonso amapatuka. Wina amafewa chifukwa wazolowerana ndi gulu lake, wina amaumitsa, ndipo pakatha chaka, 2 woperekedwa ndi uyu safanananso ndi 2 woperekedwa ndi uyo. Buku liyenera kulamula kuti pa miyezi itatu iliyonse oyang'anira onse azimvetsera mawu amodzimodzi, aliyense apereke mapointi payekha, kenako afananitse mzere ndi mzere pamaso pa katswiri, ndipo pamene asiyana kawirikawiri, mawu a pa fomu ndiwo akonzedwe. Kumene akatswiri ndi ochepa kwambiri, athandizi okhwima angaphunzitsidwe kuyang'anira anzawo. Kafukufuku wa ku Goa, m'dziko la India, wofalitsidwa mu 2014 pa mitundu ina ya thandizo lokambirana, anapeza kuti m'kupita kwa nthawi mapointi operekedwa ndi athandizi kwa anzawo anayandikira kwambiri a akatswiri. Athandiziwo poyamba ankamvetsera ndi kupereka mapointi limodzi ndi akatswiriwo kwa miyezi ingapo, choncho pulogalamu yofuna kutsata njira imeneyi iyenera kulemba m'buku lake kuchuluka kwa mawu amene mthandizi wokhwima adzayeze pamodzi ndi katswiri, ndiponso kusiyana kwa mapointi kumene kudzaloledwe, asanapatsidwe gulu lake.